Ntchito zikachuluka, tiyambe iti?

Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ambiri a ife amene tili ndi kabizinesi timagwa chonchi, chifukwa timathamangira ntchito imene ikufuula kwambiri. M'chaka cha 1954, Dwight Eisenhower, pulezidenti wa dziko la Amereka, anasiyanitsa mavuto ofulumira ndi mavuto ofunika. Ntchito yofulumira ndi imene nthawi yake ikutha. Yofunika ndi imene ingagwetse bizinesi tikainyalanyaza.

Tiyeni tiyerekeze kuti tili ndi chigayo cha magetsi pa Malomo, ku Ntchisi. Ndi Lolemba m'mawa, mwezi wa Okutobala, ndipo ntchito zisanu zatidikira. Mayunitsi a ESCOM atsala ochepa. Mabering'i akufuna girizi. Denga likudontha pamwamba pa mota. Amayi aima pamzere ndi madengu awo. Mnzathu wa ku Mponela akuimbanso foni kuti tikaone njinga yamoto imene akugulitsa.

Pa ntchito iliyonse tifunse mafunso awiri. Ikapanda kuchitika lero, titaya chiyani? Nanga ikapanda kuchitika mwezi wonse uno?

Mayunitsi ndi oyamba, pakuti akatha masana chigayo chiima ndipo ogayitsa apita kwina. Timawagula pafoni tisanatsegule. Mzere wa amayi sungadikire, koma sukufuna manja athu enieni. Mnyamata wantchito angathe kuyeza chimanga ndi kugaya, bola tamuphunzitsa, ife n'kudzawerengera ndalama madzulo. Njinga yamoto ija ingadikire, ngakhale foni ilire kangati.

Msampha uli pa girizi ndi denga. Lero sizikutipweteka, ndiye timati mawa. Koma bering'i youma imayamba kutentha ndi kulira mokwecha, kenako imagwira, ndipo tsiku lonse limathera pa msewu wa ku Lilongwe kukasaka ina. Denga nalo, mvula ikayamba mu Novembala, madzi amalowa mu mota, ndipo kukonzetsa mota yopsa kumadula kuposa lata limodzi ndi misomali. Ntchito zotere timazipatsa tsiku ndi ola m'kope: girizi lero tikatseka, mmisiri wa denga Lachitatu. Magetsi akazima, ola limenelo nalonso ndi lawo.

Tingadziwe bwanji kuti dongosolo lathu lapotoka? Tikaona kuti tsiku lililonse tikuzima moto, ndiye kuti zofunika za mwezi watha tinazisiya mpaka zasanduka zofulumira. Tikaonanso kuti pa ntchito khumi, zisanu ndi zitatu taziika poyamba, sitinasankhe kanthu. Zoyamba zisapitirire zitatu patsiku.

Dongosololi silichotsa zadzidzidzi. Maliro kapena matenda a mwana amasuntha zonse, ndipo n'koyenera kutero. N'chifukwa chake madzulo aliwonse tilembe ntchito za mawa, koma tisiye ola limodzi lopanda kanthu.