Mbuzi za Usiku ndi Mayankho Anayi

Mnzanga wina amene akuphunzira zamalamulo anandipatsa mapepala ake okonzekera mayeso kuti ndiyeserepo kumasulira, popeza m'kalasi mwathu tinali pa phunziro la kumasulira. Anali mafunso aja okhala ndi mayankho anayi, A mpaka D, oti munthu asankhepo limodzi. Ambiri anali okhudza zifukwa zimene woimbidwa mlandu angapereke kuti khoti lisamupeze wolakwa: kudziteteza, kukakamizidwa ndi misala. Nditamasulira mafunso angapo ndinayamba kudabwa, chifukwa mayankho olakwika aja sanali achilendo m'makutu mwanga. Ndinali nditawamva kale kwathu ku Ulongwe, pamsika ndi pamaliro, akuyankhulidwa ndi anthu akuluakulu mosakayika konse.

Maganizo anga ndi akuti yankho lolakwika pa nkhani zimenezi kawirikawiri silikhala bodza lamkunkhuniza. Limakhala choonadi chimene achidula malire ake, kapena achiikira malire amene lamulo silinaike. Ndipo malirewo amabisala m'timawu ting'onoting'ono tomwe ife ophunzira chiyankhulo timayenera kutiona msanga kuposa wina aliyense.

Nachi chitsanzo chimene ndapeka ndekha potsanzira mafunso aja. Bambo wina wa m'mudzi wa kufupi ndi Ulongwe wamva mbuzi zikulira pakati pa usiku. Watuluka ndi mpini wa khasu, ndipo wapeza munthu akumasula chitseko cha khola, chikwanje chili m'manja. Wakubayo watembenuka, wakweza chikwanje, akubwera. Bamboyo wamumenya pamkono, chikwanje chagwa, wakuba waliyatsa liwiro. Mwini mbuzi wamuthamangitsa mpaka kumsewu wopita ku Mangochi, wamupeza, wamumenya m'mutu, munthuyo wafera pomwepo. Yankho A likuti bamboyo sanganene kuti ankadziteteza chifukwa ndiye anayamba kumenya. B likuti alibe mlandu chifukwa wakubayo anabwera pakhomo pake ndi chida. C likuti kudziteteza sikugwira ntchito nthawi zonse pamene munthu wafa. D likuti kumenya koyamba kungakhale kudziteteza, koma kwachiwiri ayi.

Gawo 17 la malamulo athu a milandu ndi zilango, aja amawatcha Penal Code, silifotokoza lokha kuti kudziteteza n'chiyani. Limatitumiza ku mfundo za makhoti a ku Mangalande, motero tiyenera kuyang'ana milandu yakale. Pa mlandu wa Beckford wa mu 1987, wochokera ku Jamaica, oweruza ananena kuti munthu amene akuona kuti akumuukira sayenera kudikira kuti amenyedwe kaye. Apa A wagwa. Waika malire amene kulibe, ngakhale kuti amamveka bwino kwa aliyense amene anakulira m'bwalo la mfumu, kumene funso loyamba limakhala lakuti anayamba ndani. C nayenso wagwa pa mawu oti "nthawi zonse". Munthu angathe kupha podziteteza n'kumasulidwa, ngati mphamvu imene anagwiritsa ntchito inali yolingana ndi ngozi imene inamugwera.

Woopsa kwambiri ndi B, chifukwa zonse zimene akunena ndi zoona. Wakubayo anabweradi pakhomo, anali ndi chida, ndipo anachikweza. Chimene B wasiya ndi nthawi. Pa mlandu wa Palmer wa mu 1971, wochokeranso ku Jamaica, khoti linavomereza kuti munthu amene ali pangozi sangayeze mphamvu yake ngati akuyeza mchere pasikelo, choncho sitiyenera kumuweruza ngati anali ndi mpata wokhala pansi n'kuganiza. Koma linanenanso kuti ngozi ikatha, mphamvu imene munthu agwiritsa ntchito pambuyo pake ingathe kukhala kubwezera kapena kulanga. Chikwanje chitagwa, wakuba atapereka msana, moyo wa bamboyo sunalinso pachiswe. Lamulo limalola kugwira wakuba ndi mphamvu yoyenera, koma kugwira munthu ndi kumuswa mutu si chinthu chimodzi. Nkhonya ziwirizi zalekana ndi mphindi zochepa chabe, koma pamaso pa lamulo ndi zochitika ziwiri. Yankho lolondola ndi D, lomwenso ndi losakoma kumva kwa aliyense amene anaberedwapo mbuzi.

Ndikudziwa zimene ambiri kwathu angandiyankhe. Adzati wakuba ukamusiya lero abweranso mawa ndi anzake, ndipo polisi ili kutali ndi khola. Sindikupeputsa mantha amenewa. Mbuzi zitatu ndi fizi ya mwana. Koma tionetsetse kuti mawu akuti "abweranso mawa" ndi umboni wotsutsa mwini wakeyo. Akuvomereza yekha kuti ngozi imene ankaopa inali ya mawa, osati ya nthawi imene ankakweza mpini.

Nkhani ya nthawiyi imaonekera bwino kwambiri pa kukakamizidwa, ndipo apa Chichewa chathu chimandisangalatsa. Gawo 16 limamasula munthu amene wachita nawo mlandu chifukwa mnzake wopalamula naye akumuopseza kuti amupha kapena kumuvulaza koopsa nthawi yomweyo akakana, ndipo kuopsezako kuyenera kukhalapo nthawi yonse imene mlanduwo ukuchitika. Gawoli limanena poyera kuti kuopsezedwa ndi zoipa za m'tsogolo sikuchotsa mlandu. Tsono taganizirani mnyamata wa kabaza amene anthu awiri amuuza kuti awanyamulire katundu wakuba. Wina akamuloza ndi mpeni n'kunena kuti "Ukakana ndikupha pompano," mnyamatayo ali mkati mwa gawo 16. Akamuuza kuti "Ukakana tidzakupha," n'kumusiya apite yekha kukatenga katunduyo mawa lake, wayamba kutulukamo, chifukwa ali ndi usiku wonse woti athawe kapena akanene. Kusiyana konseku kwagona pa kaphatikizo kamodzi, -dza-, kamene timaphunzira m'chaka choyamba kuti kamasonyeza nthawi yam'tsogolo yapatali. Womasulira m'khoti akasokoneza "ndikupha" ndi "ndidzakupha", wasintha umboni.

Mayankho olakwika pa mutu umenewu amasewera ndi zinthu ziwiri. Ena amakulitsa mtundu wa chiopsezo, n'kunena kuti munthu amene anaopsezedwa kuti amuotchera nkhokwe kapena amuchotsa ntchito alibe mlandu. Gawoli likunena za imfa ndi kuvulazidwa koopsa, osati katundu. Ena amakulitsa mtundu wa mlandu, n'kunena kuti kukakamizidwa kumachotsa mlandu uliwonse. Ku Mangalande khoti lalikulu linagamula pa mlandu wa Howe mu 1987 kuti munthu sangaphe mnzake wosalakwa n'kudzikhululukira ponena kuti akanakana akanaphedwa iyeyo. Mawu amodzi okha, "uliwonse", ndiwo amasandutsa chiganizo choona kukhala cholakwika.

Kumasulira kunandivuta zedi nditafika pa misala. Liwu limeneli m'Chichewa ndi lalikulu ngati thumba la fetereza: timaponyamo woyenda akutola zinyalala pamsika, wosokonezeka ndi chamba, wolankhula yekha, ngakhale waukali wosaugwira mtima. Gawo 12 ndi lopapatiza kwambiri. Limafunsa ngati, pa nthawi imene munthu ankachita chinthucho, matenda okhudza maganizo anamulepheretsa kuzindikira chimene akuchita, kapena kudziwa kuti sayenera kuchichita. Limawonjezeranso kuti munthu angathe kukhala ndi mlandu ngakhale ali ndi matenda a maganizo, ngati matendawo sanabweretse chimodzi mwa ziwirizi. Muzu wa mfundoyi ndi mlandu wa Daniel M'Naghten wa mu 1843, amene anawombera Edward Drummond, mlembi wa nduna yaikulu Robert Peel.

Motero yankho lakuti "anagonekedwapo kuchipatala cha odwala maganizo ku Zomba, choncho alibe mlandu" ndi lolakwika, ngakhale kugonekedwako kutakhala koona. Khadi la kuchipatala likutiuza za chaka chatha, pamene lamulo likufunsa za tsiku ndi ola la mlandu. Mu 1952 ku Mangalande kunali bambo wina dzina lake Windle, amene anapha mkazi wake pomumwetsa mapiritsi ochuluka. Panali umboni wa dokotala woti maganizo ake sanali bwino. Koma podzipereka kwa apolisi ananena mawu osonyeza kuti akuyembekezera kunyongedwa chifukwa cha zimene wachita. Mawuwo anaonetsa kuti ankadziwa kuti lamulo likuletsa, ndipo chifukwa cha misala chinakanidwa.

Palinso kamsampha kena kamene ndinakodwamo ndekha. Funso lina linali ndi yankho lakuti woimbidwa mlandu ayenera kukhala wosazindikira chimene akuchita ndiponso wosadziwa kuti n'cholakwika. Ndinalisankha, poona kuti mbali zonse ziwiri zatchulidwa. Mnzanga uja anandiseka n'kundilozera lamulo: pakati pa mbali ziwirizo pali "kapena", osati "ndiponso". Chimodzi chokha n'chokwanira. Wophunzira chiyankhulo kugwa pa mlumikizi, manyazi ake ndi apadera.

Anthu ambiri amaganizanso kuti zifukwa zitatuzi zimathera pamodzi, kuti munthu akapambana amapita kwawo. Pa kudziteteza ndi zoona, ndipo woimbidwa mlandu akangoonetsa umboni woti mwina ankadziteteza, ndi ntchito ya boma kutsimikizira khoti kuti sizinali choncho. Pa misala zinthu zimatembenuka. Gawo 11 limati munthu aliyense amatengedwa kuti ndi wabwinobwino m'maganizo kufikira zitatsimikizika kuti sali tero, choncho mtolo wa umboni umakhala pa iye amene akunena za misala. Akapambana, khoti limapereka chigamulo chapadera, ndipo munthuyo angathe kusungidwa kumalo a odwala maganizo m'malo mobwerera kumudzi. Yankho lonena kuti "amamasulidwa basi" ladula mchira wa nkhaniyi.

Sindikudana ndi mafunso a mayankho anayi. Akalembedwa bwino, yankho lililonse lolakwika limaloza malire amodzi, ndipo wophunzira akafunsidwa kuti ndi liwu liti lalakwika amaphunzira zambiri kuposa kungodziwa kuti ndi D. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chizolowezi chimene ndinaona kwa anzanga ena, choloweza kuti yankho lokhala ndi "nthawi zonse" kapena "konse" n'lolakwika, osafunsa chifukwa chake. Njira imeneyi imapambanitsa mayeso, koma imalephera pa B uja, amene alibe liwu lililonse lokayikitsa, ndipo imalepheranso pamene lamulo lili lolimbadi, monga pa Howe.

Nditapita kwathu pa tchuthi ndinawawerengera amalume funso la mbuzi lija m'Chichewa, tili pakhonde. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kusankha B mosazengereza. Nditawafotokozera za chikwanje chogwa pansi, anakhala chete pang'ono, kenako anandifunsa kuti, "Nanga akanakhala kuti pothawapo anawerama kuti atolenso chikwanjecho?" Ndinawauza kuti pamenepo ngozi ikanakhala itabwereranso, ndipo yankho likanatha kusintha. Anati ndikawauze olemba mafunsowo kuti aziyamba anena pamene chikwanje chinagwera.