Kukana kugawa pasiwedi si umbombo

Mlamu wanga, mphunzitsi wa kusekondale ina ku Mtakataka, adandiimbira foni ali wolusa. Akuti adagula bandulo ya magigabaiti awiri Lachisanu madzulo kuti atumize malikisi a ana asukulu pa laputopu, koma pofika Loweruka m’mawa inali itatha. “Alamu, a netiwekiwa akutibera. Mukalembe m’nyuzimo,” adatero.

Ndidapitako, ndipo wakubayo tidamupeza pakhomo pomwepo.

Foni ikayatsidwa hotisipoti imasanduka ngati mjigo: imatunga intaneti kunsanja ya kampani n’kuigawa kudzera pa waifai kwa aliyense amene ali pafupi ndipo akudziwa pasiwedi. Mafundewo amadutsa khoma ndi mpanda wa udzu, moti mnyamata wokhala pakhonde la nyumba yoyandikana amamwa nawo osaoneka. Pasiwedi ya alamu inali 12345678. Titatsegula malo a `Hotspot` m’foni mwawo n’kuona mndandanda wa `Connected devices`, tidapeza zipangizo zinayi, chonsecho laputopu yawo ndi imodzi. Ziwiri zinali za ana a m’nyumba momwemo. Yachinayi mwini wake sadadziwike mpaka lero.

Maganizo anga ndi akuti mwini foni asachite manyazi kutseka chitseko. Kwathu kuno womana amatchedwa waumbombo, ndipo n’kovuta kukana mphwako akati “amalume, mundiyatsireko pang’ono”. Koma pasiwedi imasiyana ndi mchere umene umapatsa mnzako kamodzi n’kutha. Foni yake imaisunga, ndipo tsiku lililonse mukayatsa hotisipoti imalowa yokha, ngakhale ili m’thumba. Choonjezera, kuyambira pa Android 10 yomwe idatuluka mu 2019, amene walowa akhoza kuonetsa kachizindikiro ka QR pafoni yake, mnzake n’kukajambula, n’kulowa naye osakufunsani.

Ena amadalira `Block` kapena `Blocklist` kuthamangitsa foni yachilendo. Zimathandiza, koma mafoni amakono amatha kusintha nambala yomwe amadziwika nayo pa waifai, ndiye wothamangitsidwayo akhoza kubwera ngati mlendo watsopano. Mankhwala enieni ndi kusintha pasiwedi, pakuti onse amatuluka nthawi imodzi. Pa `Security` sankhani `WPA2` kapena `WPA3`, osati `None` kapena `Open`. Foni imafuna zilembo zosachepera 8, koma inu ikani mawu atatu osagwirizana ndi manambala, osati dzina la mwana kapena chaka chobadwa chomwe mudzi wonse ukudziwa. Laputopu ikakana kulowa pambuyo pake, ndiye kuti ikukakamira pasiwedi yakale; dinani `Forget` pa dzina la hotisipotiyo n’kulemba yatsopano. Mafoni ena amalolanso kuika malire a chiwerengero cha zipangizo. Ngati yanu ili nazo, ikani 1.

Komatu ndisanamizire ana okha. Titayang’ana `Data usage` pa laputopu ya alamu, tidapeza kuti yadya yokha kuposa theka la bandulo ija. Windows ikaona waifai imayesa kuti yafika paukwati pomwe chakudya n’chaulere, ndipo imayamba kudzikokera zokonzera mapulogalamu ake, zomwe nthawi zina zimaposa gigabaiti. Kuti ileke, pitani pa `Settings`, kenako `Network & internet`, `Wi-Fi`, tsegulani dzina la hotisipoti yanu n’kuyatsa `Metered connection`. Mukatero mwaiuza kuti intaneti iyi njogula, ndipo zambiri imazidikiritsa. Mukasintha dzina la hotisipoti kapena kudina `Forget`, bwerezaninso zimenezi, chifukwa imayamba kuiona ngati yatsopano.

Njira imene ine ndimaikonda ndi ya chingwe. Lumikizani foni ku laputopu ndi chingwe cha tchaja, muyatse `USB tethering`, hotisipoti ikhale yozima. Palibe mafunde oti wina atole, palibe pasiwedi yoti akupempheni, ndipo foni imatchajika uku ikugwira ntchito. Chingwecho chikhale chodutsa deta. Zina zotsika mtengo za pamsika zimangotchaja basi, ndipo mudzadziwa poona kuti mawu a `USB tethering` akukana kudinika. Apa laputopu imaona intanetiyo ngati `Ethernet`, choncho `Metered connection` muiyatsenso pamenepo.

Amene adakhalako ku Golomoti kapena ku Mua mwezi wa Okutobala akudziwa mmene kumatenthera kunsi kwa phiri kuno. Hotisipoti imatenthetsa foni ndi kudya batire, ndiye musaiike pawindo pomwe pali dzuwa pofuna netiweki, kapena pansi pa pilo poibisa kwa ana. Foni ikatentha kwambiri imachedwetsa ntchito kapena kuzimitsa hotisipoti yokha, inu n’kumati netiweki yathawa.

Nanga mwana amene akufunadi intaneti ya sukulu? Mpatseni. Tengani foni yake, mulembe nokha pasiwedi, mugwirizane kuti ndi ola limodzi, ndipo akamaliza muisinthe. Alamu anga tsopano amasintha Lamlungu lililonse akachoka kutchalitchi. Ana adanyanyala masiku awiri, kenako wamkulu adayamba kugula bandulo yake ndi ndalama za ganyu.