Geni ya ngongole siyenda popanda mwambo

Mawu awa ndi anga kwa mamembala a banki ya m'mudzi ya kuno ku Domasi. Ndawalemba m'nyuzi ino chifukwa akukhudzanso inu a m'tauni ndi inu amene munabwerako kunja, amene mumatumiza mpamba kwa abale anu kumudzi.

A Tcheyamani, amayi ndi abambo, ine ndikufuna kuti ndalama zimene mumasonkha sabata ndi sabata zikhale mpamba wa geni, osati zongodikira tsiku logawana. Koma ndikuti aliyense asanatambasule dzanja kwa msungichuma, ayambe wakhala pansi ndi pensulo.

Tiyeni titenge geni imene tonse tikuidziwa, ya mpunga. Mitengoyi ndi yongoyerekezera, inu muikepo ya pamsika lero. Mayi wakongola K120,000 kwa mwezi umodzi, ndipo gulu linagwirizana chiwongoladzanja cha 20 pa 100 iliyonse. Ndiye kuti pakutha pa mwezi abweze K144,000. Wagula matumba awiri a mpunga wosapuntha, a makilogalamu 50 lililonse, pa mtengo wa K100,000. Yotsalayo yapita ku chigayo, thiransipoti ndi chiphaso cha msika.

Apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna. Thumba la makilogalamu 50 silituluka m'chigayo lili 50, chifukwa mankhusu ndi deya zimachoka. Mpunga wouma bwino ungatsale makilogalamu 32 pa thumba, ndipo wonyowa kapena wopsa ndi dzuwa umasweka, mtengo wake n'kutsika. Tinene kuti mayiyu ali ndi makilogalamu 64. Akagulitsa pa Songani kapena mu msika wa Zomba pa K2,200 kilogalamu, apeza K140,800. Phindu lake ndi K20,800, pamene chiwongoladzanja ndi K24,000. Katundu watha yense, koma mayi wathu waluza K3,200.

Kodi tinene kuti geni ya mpunga njosapindulitsa? Iyayi. Mayi yemweyu akapikula ndi kugulitsa kawiri m'mwezi womwewo atsala ndi K17,600 atabweza ngongole yonse. Akatero katatu atsala ndi K38,400. Choncho funso loyamba si lakuti "ndipindula zingati?" koma "ndalamayi izungulira kangati tsiku lobweza lisanafike?" Geni imene ndalama yake imagona miyezi itatu, monga kusunga mpunga kudikira kuti mtengo ukwere, isayambidwe ndi ngongole ya mwezi umodzi.

Mdani wamkulu wa kuzungulira kumeneku ndi ngongole ya pachibale. Alamu atenga makilogalamu anayi, apongozi anayi, kunyumba mwaphika awiri. Makilogalamu 10 amenewo ndi K22,000, kuposa phindu lonse la ulendo umodzi. Sindikunena kuti tisiye kuthandizana, pakuti chibale ndi fupa sichiola. Ndikunena kuti m'bale athandizidwe ndi phindu limene mwaliwerenga kale, osati ndi katundu wa pa benchi. Gulani kope la ana a sukulu. Tsamba lina mulembe zolowa, lina zotuluka, ndipo mpunga wodya kunyumba muulembe ngati mwagulitsa kwa mlendo. Chizindikiro choti zinthu zayamba kupotoka n'chosavuta kuchiona: ulendo woyamba munapikula matumba awiri, wachitatu ndalama yangokwana thumba limodzi ndi theka. Pamenepo mukudya mpamba, ngakhale m'chikwama muli ndalama.

Tsono za kubweza. Akuluakulu pano akukumbukira ngongole za feteleza za makalabu a alimi, zimene zinkadzera ku SACA. Chilala cha 1992 chitapita, n'kubwera riferendamu ya pa 14 Juni 1993, alimi ambiri analeka kubweza, ena poganiza kuti ngongolezo zinali za chipani cha Kongeresi ndipo zapita nacho. Dongosolo lonselo linagwa, ndipo amene analira anali mlimi yemweyo. Tinavotera nyali kuti tizilankhula momasuka, osati kuti tizithawa ngongole. Ya banki ya m'mudzi ndiye yoposa, chifukwa mulibe ndalama ya boma kapena ya azungu. Ndi ndalama ya mayi wogulitsa zitumbuwa amene mwakhala naye pa mphasa imodzi.

Chifukwa chake ndikupempha gululi lamulo limodzi lokha. Wofuna ngongole ya geni aziyamba wawerengera gulu masamu ake: apikula chiyani, agulitsa kuti, ndalama izungulira kangati. Masamu akakana, achepetse ngongoleyo kapena adikire. Palibe chamanyazi kuyamba ndi thumba limodzi.

Nanunso a ku Blantyre ndi ku Lilongwe, m'bale akapempha mpamba wachiwiri, musamukanize. Ingomuuzani kuti abwere ndi kope lija mulione.