Musamangodina Unsubscribe paliponse, yambani mwafunsa kuti kalatayo yachokera kwa ndani

Amalonda ndi madalaivala anzanga, adiresi ya imelo ya munthu woyenda maboda imasiyidwa malo ambiri: pa fomu ya kuholoselo ku Joni, pamalo ogona, pogula tikiti ya basi pa intaneti. Zaka zikapita, makalata otsatsa malonda amadzaza foni mpaka invoyisi kapena kalata ya ejenti wa pa boda imakwiririka. Komanso akaunti yaulere ya Gmail ili ndi malo a 15 GB okha, ndipo akadzaza makalata atsopano amasiya kulowa.

Ena amati dinani Unsubscribe pa kalata iliyonse yotopetsa, ena amati musadine n'komwe. Ine ndikuti onsewa akulakwitsa. Unsubscribe ndi wa makampani amene munawapatsa nokha adiresi yanu. Mlendo amene simunamupatse, wake ndi Report spam.

Chifukwa chake ndi ichi. Wakuba wa pa intaneti amagula kapena kuba maadiresi ambirimbiri, koma sadziwa kuti ndi ati amene eni ake amawerengadi makalata. Linki imene amaika pansi pa kalata imakhala ndi nambala yolozera inu nokha. Mukaidina, iye amaona kuti pa adiresi iyi pali munthu amene amatsegula makalata komanso amadina malinki. Adiresi yotero imakwera mtengo akamagulitsana, ndipo makalata amawonjezeka m'malo mochepa. Kuyankha kuti "lekani kunditumizira" n'chimodzimodzi: mwamuuza kuti mulipo.

Tiyerekeze mayi wa geni ya mabulangete amene wapeza makalata atatu ali pa mzere ku Mwanza.

Yoyamba yachokera kuholoselo imene amapikulako, ndipo akukumbukira kuti anawapatsa adiresi potenga khadi la kasitomala. Akadina pa dzina la wotumiza, adiresi yonse imaoneka, ndipo mawu otsatira chizindikiro cha @ akufanana ndi a pa malisiti ake akale. Apa atha kudzichotsa. Koma asatsike kukasaka linki yaing'ono ya pansi pa kalata. Adine Unsubscribe amene Gmail imaika pamwamba, pafupi ndi dzina la wotumiza. Batani limeneli limatumiza pempho kwa kampaniyo popanda iye kutsegula tsamba lililonse. Likamuonetsa Go to website, ndiye kuti kampaniyo ikufuna apite patsamba lawo, ndipo atsegule pokhapokha ngati akuidziwa.

Kuyambira mu 2024, Google ndi Yahoo zinalamula makampani otumiza makalata ambiri kuti azilola munthu kudzichotsa ndi kudina kamodzi, ndipo azichita zimene wapempha pasanathe masiku awiri. Kwa Google, otumiza ambiri ndi amene amafika pa makalata 5,000 pa tsiku. Ku South Africa, lamulo la POPIA limatinso kalata yotsatsa malonda izinena amene waitumiza ndi komwe munthu angapemphe kuti asiye. N'chifukwa chake kampani yeniyeni imamvera. Wakuba alibe nazo ntchito malamulo amenewa.

Yachiwiri ikuti katundu wake wagwidwa pa Beitbridge, alipire msanga, ndipo pansi palembedwa bwinobwino Unsubscribe. Iye sakumudziwa wotumizayo. Apa asadine chilichonse m'kati mwa kalatayo. Adine timadontho titatu ta pamwamba n'kusankha Report spam. Palinso Block, koma Block amatseka adiresi imodzi yokha, pomwe akuba amasintha maadiresi tsiku ndi tsiku. Report spam amaphunzitsa Gmail kuzindikira makalata a mtundu umenewo ngakhale adiresi itasintha.

Yachitatu ndi yovuta. Ili ndi dzina ndi chizindikiro cha kampani ya mabasi imene anakwerapo, koma batani la pamwamba lija palibe. Dzina ndi chizindikiro aliyense atha kukopera. Chimene chimaulula ndi linki. Aike chala pa linkiyo n'kuchisiya pomwepo kwa kanthawi, osachotsa msanga, ndipo adiresi imene ikupita idzaoneka. Onani zitsanzo zopeka izi:

```
https://news.basi.example/unsub?id=4471
https://basi.example.malipiro.test/unsub?id=4471
```

Werengani kuchokera pa `https://` mpaka pa `/` woyamba, ndipo mwini tsamba ndi mawu akumapeto kwa chigawo chimenechi. Yoyamba ndi ya `basi.example`. Yachiwiri ndi ya `malipiro.test`, dzina la basi langoikidwa kutsogolo ngati nyambo. Pa maadiresi othera ndi `.co.za`, mwini ndi liwu limene lili kutsogolo kwenikweni kwa `.co.za`. Dziwani kuti makampani ena enieni amalemba ganyu makampani otumiza makalata, ndiye linki imatha kukhala ndi dzina lachilendo popanda chinyengo. Zikatero musaganizire. Lembani nokha adiresi ya tsamba la kampaniyo, lowani mu akaunti yanu, muzimitse makalata otsatsa kumeneko.

Ngati mwatsegula tsamba lodzichotsera ndipo likufunsa pasiwedi, nambala ya khadi la kubanki, kapena kuti muike pulogalamu ina m'foni, tsekani nthawi yomweyo. Kudzichotsa sikulira chilichonse mwa zimenezi.

Wina anganene kuti, bwanji osangodina Report spam pa makalata onse, nkhani n'kutha? Vuto lake ndi lakuti holoselo imene imatumiza zotsatsa ndi yomweyo imatumiza invoyisi. Mukaiika m'gulu la akuba, invoyisi nayo itha kugwera mu Spam, ndipo Gmail imafufuta za mu Spam pakatha masiku 30. Tsiku limene pa boda adzafune umboni wa mtengo umene munagulira katundu, mudzaisaka osaipeza. Unsubscribe kawirikawiri amaimitsa zotsatsa zokha, makalata a malonda anu n'kumabwerabe.

Pali njira ina imene amadziwira kuti mulipo ngakhale musadine kanthu. M'kalata amabisamo kachithunzi kakang'ono kosaoneka ndi maso, ndipo kakatseguka, wotumiza amadziwa kuti kalata yawerengedwa. Kutseka kwake n'kosavuta. Mu Gmail pitani pa Settings, sankhani akaunti yanu, dinani Images, kenako Ask before displaying external images. Zithunzi zizitseguka mukalola nokha, ndipo bandulo nayo izichedwa kutha.

Mukakhala pa mzere wautali, lembani liwu loti unsubscribe pamalo osakira makalata. Zotsatsa zambiri zidzatuluka pamodzi. Tengani wotumiza mmodzimmodzi, mudzifunse ngati munamupatsa nokha adiresi. Mukadzichotsa, dikirani masabata awiri. Amene akutumizabe zotsatsa pambuyo pake wadzionetsa khalidwe lake, ndipo Block ndi woyenera.

Za kutsogolo, khalani ndi maadiresi awiri. Ina ikhale ya ejenti, banki ndi amene mumaodako katundu, ina ya mafomu a m'mashopu ndi mipikisano. Adiresi imene imalandira mapepala a katundu wanu isamalembedwe pa kapepala kalikonse kolonjeza mphoto.