Kodi ekala imodzi ya chimanga imadya matumba angati?

Tsiku lina ndili pamsika wa Kamwendo ndinacheza ndi bambo wina amene anali atangogulitsa chimanga chake. Anali wosangalala ndithu chifukwa anakolola matumba 20 pa ekala imodzi. Nditawafunsa kuti, "Nanga bambo, pa matumba amenewa anu enieni ndi angati?" iwo anangoseka n'kuyankha kuti onse ndi awo popeza munda ndi wawo. Titakhala pansi n'kuyamba kuwerengera, kuseka kuja kunayamba kuchepa.

Maganizo anga ndi akuti alimi ambiri kuno ku Mchinji sitiluza chifukwa cholephera kulima ayi. Timaluza chifukwa timawerengera mbewu ndi feteleza basi, zina zonse n'kumaziyesa zaulere. Ndiponso timawerengera m'makwacha okha, pomwe kwacha sikhazikika. Mu Novembala 2023 boma linachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, nthawi yomwe alimi amagula zipangizo, ndipo bajeti zambiri zinathera pomwepo. N'chifukwa chake ine ndimati chilichonse chomwe mwalowetsa m'munda muzichisandutsa matumba a chimanga a makilogalamu 50, chifukwa mlimi amalipira ndi chimanga.

Tiyeni tichitire limodzi. Mitengo yomwe ndilembe pano ndi yachitsanzo chabe; inu muikepo ya kumsika kwanu chaka chimenecho. Tingoyerekeza kuti thumba la chimanga mudzagulitsa K50,000, kutanthauza K1,000 pa kilogalamu.

Tiyambe ndi mbewu. Ngati mizere yanu yatalikirana masentimita 75 ndipo mukubzala njere imodzi pa phando, mapando n'kutalikirana masentimita 25, ekala imodzi imafuna makilogalamu 10 a mbewu ya haibulidi ndipo mumakhala mapesi pafupifupi 21,000. Tinene kuti mbewuyo mwagula K75,000. Pamenepo lapita thumba limodzi ndi theka. Ena amathawa mtengowu potapa mbewu m'nkhokwe, koma haibulidi yobwereza sibereka ngati poyamba, ndiye mumapulumutsa thumba limodzi ndi theka n'kumadyetsa feteleza wodula ku mbewu yofooka.

Feteleza ndiye chilombo. Ekala imodzi imafuna thumba limodzi la wokulitsa, amene ambiri timangomutcha chitowe, ndi thumba limodzi la yureya wobereketsa. Pa K150,000 thumba lililonse, ndiye K300,000, kapena kuti matumba 6 a chimanga. Apa langizo langa ndi lakuti muzilemba mtengo wa m'sitolo, osati wa makuponi. Mu 2020 feteleza wotsika mtengo wa boma anali pa K4,495 thumba, pofika mu 2022 anali pa K15,000, ndipo si onse amene mayina awo amatuluka. Akakupezani mwayiwo, thokozani. Koma bajeti yomangidwa pa kuponi ili ngati nyumba yomangidwa m'dambo.

Tsopano ganyu, amene ambiri salemba. Kusosa ndi kupanga mizere tinene K40,000, kubzala K10,000, kuthira feteleza kawiri K15,000, kupalira K35,000, kubandira K35,000, ndipo kudula, kuimika mikukwe, kukolola ndi kutonola K40,000. Zonse pamodzi ndi K175,000, matumba atatu ndi theka.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti, "Ine ndimalima ndi mayi a kunyumba ndi ana, sindilipira munthu." Zoona, ndalama situluka m'thumba. Koma tsiku lomwe mwakhala m'munda mwanu ndi tsiku lomwe mukanapalira kwa wina n'kulandira ndalama, kapena mukanasamalira mtedza ndi soya wanu. Komanso mu Januwale udzu sudikira. Mayi akadwala kapena kukagwa maliro pamudzi, mudzafuna waganyu basi, ndipo ngati simunamuikire ndalama mudzagulitsa yureya uja kuti mumulipire. Lembani thukuta la banja pamtengo wa ganyu wa m'mudzi mwanu.

Palinso tizinthu ting'onoting'ono tomwe timabwera mosayembekezera. Kuyambira nyengo ya 2016/17 mbozi za ntchemberezandonda zakhala zikuvuta m'minda, choncho ikani K15,000 ya mankhwala. Matumba opanda kanthu 20 pa K1,000 ndi K20,000. Ngolo yotuta chimanga kuchoka kumunda kufika pakhomo K15,000. Apa lapitanso thumba limodzi.

Chomaliza ndi ulendo wa kumsika. Kaya ndi ngolo, njinga kapena matola kupita ku Kapiri, Mkanda kapena pa Boma, mwini wake amawerenga pa thumba. Pa K2,500 thumba lililonse, matumba 20 ndi K50,000, thumba linanso limodzi.

Tikaphatikiza zonse tapeza K650,000, omwe ndi matumba 13. Choncho pa matumba 20 aja, a mlimi ndi 7 okha. Ngati munda ndi wobwereka pa K50,000, atsala 6. Ngati feteleza munatenga pangongole, chiwongoladzanja chidyanso ena.

Nambala yofunika kwambiri ndi iyi: gawani K650,000 ndi makilogalamu 1,000 omwe mwakolola, mupeza K650. Umenewu ndiwo mtengo womwe kilogalamu imodzi yakudyerani. Mukagulitsa pansi pa K650, ndiye kuti mwalimira venda.

Nambala imeneyi imathandiza posankha msika. Venda wa pakhomo akanena K900 pomwe kumsika akugula K1,000, kusiyana kwake ndi K5,000 pa thumba, ndipo mayendedwe ndi K2,500, ndiye kupita kumsika kuli bwino. Koma akanena K960, kusiyana ndi K2,000 yokha, ndiye gulitsani pakhomo, bola sikelo yake ikhale yoona. Chimodzimodzinso mukamva kuti ku Lilongwe kapena ku Chipata mtengo wakwera, yambani mwachotsera mayendedwe, chakudya ndi malo ogona. Dziwaninso kuti kuolotsa chimanga pa Mwami kukagulitsa kumafuna chilolezo cha boma, ndipo wodutsa nacho njira zachidule akhoza kulandidwa katundu yense.

Zinthu ziwiri zimagwetsa masamu amenewa. Choyamba ndi mtengo. Mu Meyi ndi Juni aliyense amakhala akugulitsa, ndiye mtengo umatsika. Ukafika K700 pa kilogalamu, thumba ndi K35,000, ndipo kuti mubweze K650,000 mufunika matumba pafupifupi 19. Mwatsala ndi limodzi. Wofuna kusunga mpaka mtengo ukwere aonjezere pa bajeti mankhwala a anankafumbwe, ndipo aonetsetse kuti chimanga chauma mokwanira.

Chachiwiri ndi zokolola. Wokulitsa amafunika pobzala kapena sabata yoyamba chimanga chitamera, yureya pakatha masabata atatu kapena anayi. Mukachedwa, masamba a m'munsi amayamba chikasu kuchokera kunsonga kutsata mtsempha wa pakati, ndipo mudziwe kuti matumba ayamba kuthawa. Mukakolola 12 m'malo mwa 20, mayendedwe ndi matumba zitsika pang'ono, koma mbewu, feteleza ndi ganyu munalipira kale, ndiye mwangobweza zomwe munalowetsa, mwinanso osakwana.

Sindikunena kuti tileke chimanga, poti nsima ndiye moyo wathu. Ndikunena kuti ngati ndalama zanu zikukwanira theka la ndandanda umenewu, limani theka la ekala mosamala, kwinako mubzale mtedza kapena soya, kusiyana n'kumwaza thumba limodzi la feteleza pa ekala yonse. Walira mvula walira matope, alimi anzanga. Mu Seputembala tengani kope la mwana wasukulu, mulembe mizere isanu: mbewu, feteleza, ganyu, tizinthu tina ndi mayendedwe. Pansi pake mulembe matumba omwe munda umenewo unakupatsani chaka chatha, osati omwe mukulota.