Chikuku chikabuka pasukulu, yambani ndi kabuku ka kusikelo

Mwana mmodzi akangopezeka ndi chikuku pasukulu, makolo ambiri amafuna kuti sukulu itsekedwe tsiku lomwelo. Nkhawa yawo ndi yomveka, koma ine ndikuona kuti kutseka sukulu kokha sikuthetsa vutolo. Pofika tsiku limene zidzolo zaonekera, matendawa amakhala atayenda kale m'kalasi. Chofunika changu ndi kudziwa mwana amene ali wotetezedwa ndi amene sali.

Tiyerekeze kuti mtsikana wa Sitandade 2 watuluka zidzolo Lachisanu. Wodwala chikuku amayamba kupatsira anzake masiku anayi zidzolo zisanatuluke, ndipo amapitiriza kwa masiku enanso anayi zitatuluka. Ndiye kuti mwanayu anayamba kufalitsa kachilombo Lolemba, pamene aliyense ankangoti ndi chimfine chabe: kutentha thupi, kutsokomola, mamina ndi maso ofiira. Kachilomboka kamayenda mumpweya ndipo kamatha kukhala m'chipinda mpaka maola awiri wodwala atatulukamo. Mwa anthu khumi osatetezedwa amene akhala pafupi ndi wodwala, asanu ndi anayi amatenga matendawa. Amene anatenga sabata imeneyo sadwala msanga. Thupi limayamba kutentha pakapita masiku 10 mpaka 12, zidzolo n'kutuluka cha pa tsiku la 14, ndipo ena amachedwa mpaka masiku 21. Mukatseka sukulu Lachisanu lija, ana amenewa akadwalira kunyumba, pafupi ndi makanda.

Nanga wotetezedwa ndani? Amene anadwalapo chikuku chenicheni sadwalanso moyo wake wonse. Vuto ndi lakuti si zidzolo zilizonse zimene ndi chikuku, choncho mawu akuti "ameneyu anadwala kale ali wamng'ono" si odalirika ngati kuchipatala sanatsimikize. Ena onse amadalira katemera. Kuno ku Malawi katemera wa chikuku ndi rubela amaperekedwa kawiri, koyamba mwana akakwanitsa miyezi 9, kachiwiri akafika miyezi 15. Woyamba uja amateteza ana pafupifupi 85 mwa 100 alionse, chifukwa pa msinkhu umenewo ana ena amakhala adakali ndi chitetezo chochokera kwa mayi chomwe chimalepheretsa katemera kugwira. Wachiwiri amakwirira mpata umenewu, moti otetezedwa amafika pafupifupi 97 mwa 100.

Tibwerere m'kalasi muja, ndipo tingoyerekeza kuti muli ana 100. Ana 70 anabayitsa kawiri, 20 kamodzi, 10 sanabayitseko. Mwa 70 aja, pafupifupi awiri akhoza kudwala. Mwa 20 aja, atatu. Tikaphatikiza ndi 10 osabayitsa, ana 15 ali pachiopsezo m'kalasi imene mphunzitsi anganene monyadira kuti ana 90 mwa 100 analandirapo katemera. Kuti chikuku chilephere kufala, pamafunika kuti anthu 95 mwa 100 akhale otetezedwa. N'chifukwa chake musadabwe mukamva kuti mwana wobayitsa wadwala. Sikuti katemera ndi wabodza. Kawirikawiri mukatsegula kabuku mupeza kuti anabayitsa kamodzi kokha.

Dziko lino linaziona kale zimenezi. M'chaka cha 2010 anthu pafupifupi 134,000 anadwala chikuku ndipo oposa 300 anamwalira. Oposa theka la odwalawo anali a zaka zisanu kupita m'tsogolo. Nthawi imeneyo kusikelo kunkaperekedwa katemera mmodzi yekha. Wachiwiri anayamba mu 2015. Choncho ana akuluakulu a kusekondale, ngakhalenso aphunzitsi achinyamata, asadziyese otetezedwa chifukwa cha msinkhu.

Apa ndi pamene ndikupempha kuti mphunzitsi wamkulu, m'malo mothamangira kukhoma zitseko, adziwitse chipatala chapafupi tsiku lomwelo ndipo auze makolo onse abweretse timabuku ta kusikelo kuti alangizi a zaumoyo ationa. Mwana amene sanabayitseko alandire katemera nthawi yomweyo, wachiwiri adzalandire patapita masabata osachepera anayi. Amene anabayitsa kamodzi alandire wachiwiri, kaya ali ndi zaka zingati. Amene kabuku kanasowa, kapena kananyowa ndi madzi osefukira, atengedwe ngati sanabayitse. Katemera woonjezera savulaza mwana amene ali wotetezedwa kale, ndiye palibe chifukwa chokanira achipatala akalengeza kuti abaya ana onse a m'deralo.

Katemera akaperekedwa pasanathe maola 72 chikumanirane ndi wodwala amatha kuletsa matendawa kapena kuwafewetsa. Kwa anzake a mtsikana uja amene anakhala naye kuyambira Lolemba, maola amenewo anatha Lachinayi. Komabe kubaya kumathandiza, chifukwa si onse anatenga ulendo woyamba, ndipo amene adwale sabata ziwiri zikubwerazo adzapatsiranso ena.

Amene amandidetsa nkhawa kwambiri sali pasukulu n'komwe. Ndi khanda limene lili kumsana kwa mayi kunyumba, lomwe mchemwali wake amabwera kuchokera kusukulu n'kulinyamula. Pa nthawi ya mliri, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti makanda a miyezi 6 kupita m'tsogolo akhoza kubayidwa asanafike miyezi 9. Katemera ameneyu ndi woonjezera, sawerengedwa. Mwanayo ayenera kudzalandirabe wa miyezi 9 ndi wa miyezi 15, ndipo amayi ambiri amasokonezeka pamenepa. Makanda amene ali ndi kachilombo ka HIV nawonso amafunika katemera woyambirirayu. Koma amayi oyembekezera ndi anthu amene chitetezo chawo chatsika kwambiri sabayidwa katemera ameneyu. Iwowa atalikirane ndi wodwala ndipo akaonane ndi achipatala ngati anakhala naye pafupi.

Mwana wodwala akhale kunyumba mpaka patatha masiku anayi zidzolo zitatuluka, koma ayambe waonedwa kuchipatala. Mukafika nenani pakhomo pomwe kuti mukukayikira chikuku, kuti asamuike pamzere ndi makanda a kusikelo. Mankhwala opha kachilomboka palibe. Chimene achipatala amapereka kwa mwana aliyense wa chikuku ndi vitamini A, kawiri, lero ndi mawa lake, yemwe amateteza maso ndi kuchepetsa imfa. Kunyumba apatsidwe zakumwa zambiri, phala, ndipo woyamwa apitirize kuyamwa. Kumusambitsa sikubweza zidzolo m'kati. M'maso musadonthezemo chilichonse chimene simunapatsidwe kuchipatala. Ana ena achita khungu ndi mankhwala azitsamba othiridwa m'maso odwala kale.

Zidzolo zimayambira kumaso ndi kuseri kwa makutu n'kutsikira m'thupi, ndipo pazokha sizipha. Chimene chimapha kwambiri ndi chibayo. Werengani kapumidwe ka mwana kwa mphindi yathunthu ali chete: khanda la miyezi iwiri mpaka chaka likapuma ka 50 kapena kuposa, kapena mwana wa chaka mpaka zaka zisanu ka 40, akupuma mothamanga. Onaninso ngati pansi pa nthiti pakulowa m'kati akamakoka mpweya, kapena ngati pakhosi pakumveka phokoso. Mwana wolephera kumwa kapena kuyamwa, wosanza chilichonse, wotsekula m'mimba mpaka maso kulowa m'kati, wokomoka kapena wovuta kudzutsa, apite kuchipatala ngakhale ndi usiku. Chimodzimodzi diso likachita mtambo kapena mafinya, m'kamwa mukatuluka zilonda zomulepheretsa kudya, kapena khutu likayamba kutuluka mafinya.

Chizindikiro china chimene makolo ambiri sachilabadira ndi kutentha thupi kumene sikukutha patapita masiku atatu kapena anayi zidzolo zitatuluka, kapena kumene kunatha n'kuyambiranso. Nthawi zambiri ndiye kuti matenda ena alowererapo. Chikuku chimafooketsa chitetezo cha m'thupi kwa miyezi ingapo, choncho mwana amene wachira, makamaka wonyentchera, muzipita nayebe kusikelo kuti aone ngati akubwezeretsa thupi.