Nambala ya Unesi Iyambe, Tikiti ya Ndeke Pambuyo

Mu komboni iliyonse muno mu Lusaka, kaya ni ku Kanyama, Matelo olo Mtendele, muli banja limene linagulitsa malasha na tomato kuti mwana atsilize kosi ya unesi. Manje nkhani yafika pakuti mwanayo apite ku UK akasewenze. Sinitsutsa. Cimene nikana ni mwambo umene wabwela wakuti coyamba tifune ejenti, tim'patse ndalama za kaloba, ndiye mapepala tizaonela kutsogolo. Ine niti dipuloma ya mwana wanu iyambe yavomelezedwa na bungwe la manesi la dziko limene afuna kupitako, ndipo mbali yaikulu ya nchito imeneyi aicite yekha akali kuno.

Dipuloma ya ku Zambia siyenda yokha. Kuno nesi amalembetsa ku bungwe la NMCZ, lija akulu-akulu akali kulichula kuti GNC ngakhale kuti dzina linasintha na lamulo la mu 2019. Ku UK kuli bungwe lawo, NMC, ndipo munthu amene alibe nambala yawo sangagwile nchito ngati nesi, olo akhale kuti anasewenza zaka 10 pa UTH. Viza imangokulowetsani m'dziko. Cimene cimakupangani nesi kumeneko ni nambala ija.

Titenge nesi wa ku Cawama amene ali na dipuloma ya zaka zitatu. Poyamba aike mapepala ake pa tebulo: pasipoti, satifiketi ya ku koleji na ya NMCZ. Dzina likhale limodzi pa zonse. Ngati anaphunzila na dzina la atate ake koma pasipoti ili na la amuna ake, afunika kalata ya cikwati yoonetsa kusinthako. Laisensi yake ya caka ikhale yolipilidwa, cifukwa a NMC sakhulupilila cabe zimene nesi watumiza. Amafunsa okha ku bungwe la kuno ngati munthuyo ni nesi zoona komanso ngati alibe mlandu wa pa nchito. Amene ali na satifiketi ya zaka ziwili ayambe wakweza maphunzilo afike pa dipuloma, asanataye ndalama.

Kenako ni Cizungu. Apa ambili amakwiya: “Ine n’naphunzila m’Cizungu kucokela giledi wanu, manje mayeso ni acani?” Mkwiyo uyu niumva, koma Zambia siili pa mndandanda wa NMC wa maiko amene anthu ambili amakamba Cizungu, conco kwa nesi amene ali kuno njila yoongoka ni mayeso. Pa IELTS afunika 7 pa kuwelenga, kumvetsela na kukamba, ndipo 6.5 pa kulemba. Pa OET, amene mafunso ake ni a m’cipatala, afunika B pa zitatu zija na C+ pa kulemba. Malangizo anga ni akuti ayambile pamenepa. Mayeso awa ndiye amagwetsa ngakhale manesi aluso, ndipo palibe nzelu kulipila zina zonse cipata ici cikali cotseka.

Akaphasa, atsegule yekha akaunti pa intaneti ku NMC kuti aone ngati dipuloma yake ni yoyenela. Akamulola, alembe CBT, mayeso a pa kompyuta amene munthu amalemba asanapite ku UK. Ali na mbali ziwili: mafunso 15 a masamu, monga kuwelengela mlingo wa mankhwala, na mafunso 100 a kasamalidwe ka odwala. Cotsala ni OSCE, mayeso ocita na manja pa masiteshoni 10, ndipo awa okha ndiye amacitikila ku UK.

Mu 2024 mitengo ya NMC inali tele: mapaundi 140 oonela mapepala, 83 a CBT, 794 a OSCE na 153 olembetsela. Zonse pamodzi ni 1,170, kupatula mayeso a Cizungu. Onani kuti zolipila munthu akali kuno ni 223 cabe, ndipo zipatala zambili za boma kumeneko zimalipilila OSCE nesi amene zamulemba nchito. Mitengo imasintha, koma mukadziwa kukula kwake, munthu akabwela kuti gulitsani puloti ku Joloji mulipile “mapepala a unesi”, mudzam’funsa kuti mapepala ati.

Cimene ambili saona ni nthawi. Zotsatila za mayeso a Cizungu zimakhala na mphamvu zaka ziwili cabe, ndipo CBT na OSCE afunika kuphasidwa mkati mwa zaka ziwili kucokela pa amene anayamba. Nesi wathu akaphasa Cizungu mu Malichi caka cino n’kukhala caka cathunthu akuyembekeza cilimba kuti alipile CBT, wadya kale theka la nthawi yake asanapeze na cipatala comulemba. Akacedwa pang’ono, abwelela ku mayeso a Cizungu na ndalama zina. Ndiye cifukwa cake niti ndalama za masitepe awili oyamba zikhale m’manja asanalembe mayeso alionse.

Nanga ejenti? Mu 2023 bungwe la zaumoyo la WHO linaika Zambia pa mndandanda wa maiko 55 amene ali na anchito a zaumoyo ocepa kwambili. Kaamba ka ici, malamulo a UK salola zipatala na maejenti awo kubwela kudzakopa manesi kuno. Koma nesi amene wadzifunsila yekha nchito ku cipatala, popanda wom’yimila pakati, saletsedwa. Komanso lamulo la kumeneko limaletsa ejenti kulipilitsa munthu kuti amupezele nchito. Conco amene akuuzani kuti ali na malo ku cipatala ca ku UK ndipo mulipile, wadziulula yekha.

Wina angati, “Njila yanu ni yaitali, anzathu anapita ngati osamalila okalamba ndipo atumiza ndalama.” N’zoona, ena anapita tele. Koma anapita ngati anchito wamba, pa malipilo otsika, dipuloma ili mu sutukesi. Ndipo khomo limenelo linatsekedwa: mu Malichi 2024 analetsa anchito amenewa kutenga mabanja awo, ndipo kuyambila pa 22 Julai 2025 UK inaleka kulemba osamalila okalamba atsopano ocokela kunja. Cidule cina n’cakuti wina akulembeleni mayeso. Mu 2023 a NMC atapeza cinyengo pa malo ena olembela CBT ku Ibadan, ku Naijeliya, anafafaniza zotsatila za anthu pafupi-fupi 2,000, kuphatikizapo amene analemba moona mtima, ndipo anafunika kulembanso.

Sinibisa kuti ngakhale njila yoongoka ili na ngozi. Nesi amafika ku UK akalibe nambala, amalandila malipilo a wothandizila, ndipo afunika kukhala pa OSCE mkati mwa masabata 12 atayamba nchito. Ali na mipata itatu. Akalephela yonse amayembekeza miyezi 6, pamene viza yake ifuna kuti akhale atalembetsa mkati mwa miyezi 8. Conco asanasaine, afunse cipatala kuti cidzamuphunzitsa masabata angati, ndani adzalipila akabweleza mayeso, ndipo adzabweza zingati akasiya nchito msanga. Mayankho akhale olembedwa.

Kwa inu amai na atate amene mutulutsa ndalama, funso lanu lisakhale lakuti ndeke ni liti. Muuzeni mwana akuonetseni pa foni zotsatila za Cizungu na uthenga wocokela ku NMC wokhala na dzina lake. Ngati izi palibe, puloti ikhale.